Lolemba Limene Felesita Analankhula

Abale ndi alongo a mphakati wathu wa Amalawi kuno ku Tlhabane, ku Joni, akuluakulu a mpingo andipempha kuti m'kalata ya mwezi uno ndilembe za moyo wa mlongo wathu Felesita Kambalame, amene Ambuye anamuitana mwezi wa Ogasiti chaka cha 2025 ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ine ndinamuphunzitsa katekisimu kuyambira ali mwana. Zimene sindinazione ndi maso anga ndazimva kwa makolo ake, kwa aphunzitsi ake ndi kwa iye mwini akadali moyo, ndipo mabanja okhudzidwa avomera kuti zilembedwe.

Felesita anabadwira ku Ntcheu m'chaka cha 2002. Ali ndi zaka zitatu, mayi ake a Rozalia anamubereka kumsana kutsatira bambo ake a Goodwell, amene anali atapeza ntchito ya kontalakiti pamgodi, yosesa miyala yogwa pa lamba wonyamula miyala. Banjali linkakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Mwanayo anakulira pabwalo lomwelo, akusewera ndi ana a eni dziko, ndipo Chitswana chinamulowa ngati chobadwa nacho. Anthu oyandikana nawo anamupatsa dzina loti Lesego, ndipo dzinalo linamumatirira.

M'chaka cha 2008, alendo atayamba kusakidwa m'madera ena a dziko lino, a Goodwell anaika lamulo m'nyumba mwawo. "Chichewa chathera pachitseko ichi," anatero. "Kunja uko ndiwe Lesego. Akakufunsa kwanu, uziti ku Limpopo." Tisawaweruze bambowa. Ambiri a ife tinaika malamulo ofanana ndi amenewa, chifukwa tinali titaona anthu akuthawa ndi zovala zokha zimene anavala.

Motero mwanayo anakula ndi mayina awiri. Lamulungu anali Felesita, wonyamula kandulo pa Misa, woimba nyimbo za Chichewa ndi mawu akuthwa. Kolona anaiphunzira asanadziwe kuwerenga. Lolemba anali Lesego, ndipo kupatula a ku ofesi ya sukulu amene ankasunga mapepala ake, palibe ankadziwa kuti ndi Mmalawi. Atafika giredi 9, m'chaka cha 2017, anali m'kagulu ka atsikana anayi kamene mtsogoleri wake anali Boipelo, mtsikana wanzeru, wokongola, woopedwa ndi kalasi yonse. Anayiwo ankadyera limodzi, ankakwera tekisi imodzi, ndipo anali ndi gulu lawolawo pa WhatsApp.

Mu Febuluwale chaka chimenecho m'kalasimo munabwera mtsikana watsopano, Safiya, Msilamu wa ku Mangochi. Bambo ake a Ismaili ankayendetsa galimoto yonyamula katundu wa Amalawi pakati pa Rustenburg ndi kumudzi. Safiya ankavala mpango kumutu, Chingelezi ankachidziwa pang'ono, Chitswana sankachimva n'komwe. Sabata yoyamba anaona Felesita ali ndi mayi ake pasitolo ina ya Amalawi. M'mawa mwake anamuyandikira pabwalo la sukulu, nkhope ili ngwee.

"Muli bwanji, achemwali? Dzulo ndinakuonani."

Boipelo anali chiimire pomwepo. Felesita anayankha m'Chitswana kuti sakumva zimene akunena, ndipo anzakewo anaphulika ndi phwete. Patapita zaka anandiuza kuti: "Tambala sanalire, aphunzitsi, koma ine ndinamumva."

Chizunzo chinayamba pang'onopang'ono, monga mwa chizolowezi chake. Poyamba linali dzina lija lonyozera alendo tonse timalidziwa, la kwerekwere. Kenako anayamba kukoka madesiki awo kutali ndi yake, ati akununkha nsomba. Tsiku lina Boipelo anabweretsa mankhwala opopera m'chimbudzi n'kumupopera kumsana. Ankamukoka mpango pamzere wolandirira chakudya. Zonsezi zinkachitika pamene mphunzitsi mmodzi watuluka wina asanalowe, kapena kuzimbudzi, kapena pageti poweruka. Mphunzitsi akakhala m'kalasi, atsikanawo anali angelo. Ana ena ankaseka, ena ankayang'ana kumbali, aliyense akuthokoza mumtima kuti si iye. Safiya anasiya kukweza dzanja. Anasiya kupita kuchimbudzi tsiku lonse. Anayamba kujomba Lachisanu.

Felesita sanamumenyepo Safiya. Ntchito yake inali yoima pakhomo n'kukhosomola akaona mphunzitsi akubwera.

Mu Meyi chikumbumtima chinamukulira, ndipo analemba kakalata kopanda dzina n'kukaika pa tebulo la mphunzitsi wa kalasi yawo. Mphunzitsiyo sanali munthu woipa, koma anachita zimene siziyenera kuchitika. Anawerenga kakalatako mokweza pamaso pa kalasi yonse, n'kuimiritsa Safiya.

"Alipo amene akukuvutitsa? Muloze."

Maso makumi anayi ndi mphambu anali pa iye. Safiya anapukusa mutu.

"Chabwino. Ngati panali kusamvana, kwatha lero. Boipelo, bwera, gwiranani chanza."

Anagwirana chanza, Boipelo akumwetulira. Kuyambira tsiku limenelo kalasi yonse inakhulupirira kuti Safiya ndiye analemba kakalatako, ndipo pa dzina la kwerekwere anawonjezapo la mpimpi, kutanthauza kazitape.

Kumapeto kwa mwezi womwewo Asilamu anayamba kusala kudya kwa Ramadani. Atsikanawo anaona kuti Safiya sakuimanso pamzere wa chakudya, ndipo anafunsa chifukwa chake mpaka anadziwa. Lachinayi lina mu Juni, kukuzizira kwambiri, anamudikirira pa nthawi yopuma n'kumukokera kuzimbudzi. Mmodzi anamugwira manja, wina ankajambula ndi foni, Boipelo n'kumukanikizira poloni ya nkhumba m'kamwa. Felesita anali pakhomo. Anamva Safiya akulavula, akulira, kenako akunena mawu amene m'sukulu yonseyo iye yekha ndiye akanawamva.

"Mayo ine! Mulungu, ingonditengani. Ndatopa."

Madzulo a tsikulo kanemayo anali m'gulu la atsikana anayi aja, pansi pake pali tinkhope toseka.

Lamulungu atabwerako ku Misa, Felesita anawauza makolo ake zonse, ndi zoti akufuna kukanena kwa aphunzitsi. A Rozalia akuti anali akusita yunifolomu, ndipo anaimika simbi.

"Eish, mwana iwe," anatero a Goodwell. "Kanemayo ali ndi anthu angati?"

"Anayi, bambo."

"Ndiye ukuganiza kuti sadzadziwa kuti wanena ndiwe? Nyumba tikukhala ino mwini wake ndi malume ake a Boipelo yemweyo. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anatha mu Malichi. Iwe ukufuna kutiika poyera chifukwa cha mwana wa eni?"

"Si wa eni, bambo. Amalira m'Chichewa."

"Alire m'Chichewa, alire m'Chiyawo, ali ndi bambo ake! Kuno ndi ku Joni. Mlendo amayenda chowerama."

"Ndaweramatu miyezi inayi. Lero sindinalandire Ukaristia. Simunaone?"

A Goodwell anatenga chipewa n'kutuluka. A Rozalia anapitiriza kusita kwa kanthawi, kenako anati, osamuyang'ana: "Bambo ako sakunama, adzatithamangitsa pano. Koma ukakapita, usakanene za anzako zokha. Ukanenenso pamene iwe unaima."

Lolemba m'mawa Felesita sanapite kwa mphunzitsi wa kalasi. Anasankha Mayi Rakgomo, amene ankaphunzitsa phunziro la za moyo komanso ankatsogolera kagulu ka aphunzitsi othandiza ana ovutika. Anadzipereka kuwanyamulira makope kupita nawo ku ofesi yawo kuti anzake asadabwe. Atatula makopewo sanatuluke.

"Pali china, Lesego?"

"Chilipo, Mme. Koma ndikuopa."

Mayi Rakgomo anatseka chitseko, n'kumukokera mpando. Sanamudule mawu. Felesita atamaliza, iwo anatenga pepala n'kuyamba kumufunsa chimodzichimodzi: chinachitika n'chiyani, tsiku liti, pamalo pati, analipo ndani. Chilichonse ankamufunsa ngati anachiona yekha kapena anangomva. Zakumva anazilemba padera. Kanemayo anamuonera pafoni ya Felesita, n'kumuuza kuti asamufufute, ndiponso asamutumize kwa munthu aliyense, chifukwa kumufalitsa ndi kupitiriza chizunzo chomwecho. Anajambula zimene zinalembedwa m'gulumo pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake.

"Sindikunamiza, mwananga," anatero. "Dzina lako sindilitchula kwa ana. Koma nkhani iyi sindingaisunge ndekha, lero lomwe ifika kwa mphunzitsi wamkulu. Ndipo gulu lili ndi anthu anayi. Adzadziwa."

"Ndikudziwa, Mme."

"Nanga iwe unali pati pamene zinkachitika?"

"Pakhomo. Ndinali mlonda wawo."

"Nazonso ndilembe?"

"Lembani."

Safiya sanamuitane pamaso pa kalasi. Anatumiza mlembi wa ku ofesi kukanena kuti pali fomu yofunika kusayina. Atafika, Mayi Rakgomo anamufunsa mofatsa m'Chingelezi chosavuta, koma mtsikanayo anangoyang'ana pansi n'kumabwereza kuti palibe vuto. Anali ataphunzira mu Meyi kuti kulankhula kumabala chiyani. Felesita anali atauzidwa kudikira pabenchi panja, ndipo ankamva zonse. Anagogoda, n'kulowa, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

"Safiya," anatero m'Chichewa, "dzina langa ndine Felesita, kwathu ndi ku Ntcheu. Tsiku lija ndinakumva. Masiku onsewa ndimakumva. Kakalata kaja ndinalemba ndine, iwe n'kulangidwira. Undikhululukire. Amayi awa aona kanema, usawabisire."

Safiya anadzutsa mutu n'kumufunsa:

"Ndiye unkamva zonse?"

"Zonse."

"N'kumangoima pakhomo?"

Pamenepo Safiya analira kulira kwa munthu amene wasunga misozi miyezi inayi, kenako anayamba kufotokoza, Felesita akumasulira. Ana awiri amene ankadutsa pakhonde anamva Lesego akulankhula chilankhulo cha alendo, ndipo belu lisanalire sukulu yonse inali itadziwa.

Mayi Rakgomo anaimbira foni a Ismaili, amene mwamwayi anali m'tauni akupakira katundu. Atafika, mphunzitsiyo anamuuza Felesita kuti mbali yake yatha, zotsalazo si zoti mwana azisenze. Anamutulutsa, n'kutsala ndi Safiya ndi bambo ake. Anakhalamo nthawi yaitali. Masana kunabwera mayi wa boma woona za chisamaliro cha ana. Zimene zinakambidwa m'chipindamo Felesita sanauzidwe.

Zotsatira zinayenda mwa dongosolo. Atsikana atatu aja anafunsidwa aliyense payekha, kuti asagwirizane bodza, ndipo sanawakumanitse ndi Safiya kuti akhululukirane mokakamiza. Makolo awo analandira makalata ofotokoza mlandu ndi tsiku lokambirana. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi yoyendetsa sukulu, itamva kaye mbali yawo, inaimitsa atsikanawo masiku ochepa podikira mlanduwo, kuti Safiya alembe mayeso ake mwamtendere. Aphunzitsi anayamba kusinthana kuima pafupi ndi zimbudzi pa nthawi yopuma. A Ismaili anauzidwa kuti ali ndi ufulu wokatsegula mlandu kupolisi, koma anakana. Mphunzitsi wamkulu anawatsimikizira kuti sukulu siifunsa mapepala a makolo pofuna kuteteza mwana, koma mantha a mlendo samva mawu amodzi.

Tsiku la mlandu Felesita anapita ndi mayi ake. A Goodwell anati ali pa shifiti. Felesita anawerenga umboni wake osasiyako kalikonse. Mayi ake a Boipelo anaimirira mokwiya.

"Mwana uyu wadya m'nyumba mwanga zaka zitatu, akutinamiza kuti ndi wa ku Limpopo! Wabodza ngati ameneyu mungamukhulupirire?"

Wapampando anawakhazika pansi, n'kunena kuti mlandu si wa kwawo kwa mboni, ndipo kanemayo sananame. Atatuwo anapezeka olakwa. Anaimitsidwa sukulu sabata imodzi, anapatsidwa chenjezo lomaliza lolembedwa, ndipo analamulidwa kumakaonana ndi mlangizi. Kumeneko n'kumene zinadziwika kuti Boipelo nayenso ankamenyedwa kunyumba, ndipo a boma anailowerera nkhaniyo. Felesita analandira chenjezo lake chifukwa cha ulonda uja. Mphunzitsi wina anafuna kumupepesera kuti akhululukidwe, koma iye anati: "Ayi, limeneli ndi langa." Kanemayo anafufutidwa m'mafoni a atsikanawo pamaso pa makolo, ngakhale anali atafika kale m'mafoni ena amene palibe akanawalondola.

Tikanakonda kuti nkhani ithere apa. Koma sukulu zitatsekera tchuthi cha Julayi, a Ismaili anamukweza Safiya pagalimoto yawo n'kupita naye ku Mangochi, ndipo Safiya sanabwererenso. Sanatsanzike. A Ismaili akakumana ndi Felesita pamsewu ankamupatsa moni wa mutu wokha n'kudutsa mofulumira. Felesita anamasulira kuti akumuimba mlandu wowaika poyera. Mwezi womwewo eni nyumba anati akufuna chipinda chawo, ndipo banja la a Kambalame linasamukira ku Robega, kumene Felesita ankakwera matekisi awiri kuti akafike kusukulu. A Goodwell anakhala mwezi wathunthu osamulankhula.

Kusukulu mayina awiri onyoza aja, kwerekwere ndi mpimpi, anagwera iye. Mayi Rakgomo anamusamutsira m'kalasi ina, ndipo Lachisanu lililonse ankamuitana kumufunsa mmene sabata yayendera. Zoonekera zinathetsedwa msanga: wina atamulembera mawu onyoza pa desiki, makolo a wolembayo anaitanidwa m'mawa mwake. Koma palibe lamulo la sukulu lokakamiza mwana kukhala pafupi ndi mnzake. Zaka zitatu ndi theka Felesita ankadya yekha pakhonde la laibulale. Makolo ake anafuna kumusintha sukulu, iye anakana. Anauza aphunzitsi kuti azimuitana Felesita.

Sindinamumvepo akudandaula za kusalidwako. Chimene chinkamudya chinali china. Tsiku lina Loweruka titamaliza phunziro la Ulimbitso anatsalira n'kundifunsa:

"Aphunzitsi, kodi chabwino chochedwa chimawerengedwa?"

"Bwanji ukutero?"

"Ndikananena mu Febuluwale, Safiya bwenzi ali pano. Ndinanena zonse zitaonongeka kale. Iye anachoka, ife tinathamangitsidwa, bambo anga akuyenda ulendo wautali kupita kuntchito. Ndiye ndinathandiza ndani?"

Ndinamuuza za antchito a m'munda wamphesa amene analembedwa ntchito dzuwa litapendeka. Anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti funso lake lapita nalo kunyumba. Analisenza zaka zisanu ndi zitatu.

Anamaliza sukulu mu 2020 ndipo anakhoza bwino, koma nkhani ya mapepala inamutsekera njira ya maphunziro apamwamba. Anapeza ntchito yolera ana pa kasukulu ka mkaka ku Robega. Mumphakati mwathu anatenga kalasi ya ana a Ukaristia woyamba, ndipo ankawaphunzitsa m'Chichewa ndi m'Chitswana momwe, kuti pasakhale wochita manyazi ndi chilankhulo chilichonse. Ana anazindikira msanga kuti aunti Felesita ndi munthu wouzidwa zinthu. Mwana akabwera ndi nkhani ya mnzake wozunzidwa kusukulu, iye sankathamangira kukakalipira ana a eni, ndiponso sankamuuza kuti angopemphera. Ankamukhazika pansi n'kumufunsa zimene anaona ndi maso ake, tsiku lake ndi malo ake, n'kuzilemba. Ankamufunsa mphunzitsi amene amamukhulupirira. Kenako ankapempha chilolezo kwa makolo ndi kuntchito kwake, n'kumuperekeza mpaka pakhomo la ofesi. "Kunena si ukazitape," ankatero. "Kazitape amanena kuti mnzake agwe. Iwe ukunena kuti mnzako adzuke." Akauzidwa kuti zakonzedwa sankakhutira, ankafunsanso pakatha sabata, ndi pakatha mwezi. Makolo asanu ndi awiri mumphakati uno andiuza kuti anawayendera ulendo wotere.

Matenda a mtima anayamba kuonekera mu 2023. Madokotala anati zilonda zapakhosi zimene ankadwala ali mwana zinamuonongera mtima mwakachetechete. Anayamba kupuma movutika, miyendo n'kumatupa. Atalephera kuimirira nthawi yaitali, ankaphunzitsa ana atakhala pampando. Atalephera kufika kutchalitchi, tinkamupititsira Ukaristia kunyumba, ndipo ankatifunsa za mwana aliyense pomutchula dzina. A Goodwell ndiwo ankamunyamula kupita naye kutekisi masiku a kuchipatala. Akuti tsiku lina ali kumsana kwawo anawaseka kuti: "Bambo, lero ndinu amene mukuyenda chowerama." Bamboyo anaseka, misozi ikutsika.

Mu Ogasiti anagonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala anauza makolo kuti masiku atsala ochepa. Uthenga unayenda pakati pa Amalawi monga umayendera. Lamulungu masana, nthawi yoona odwala, ine ndili pomwepo ndi makolo ake, tinaona a Ismaili alowa, tsitsi litayera, kofia ili m'manja. Anapereka moni kwa onse, n'kukhala pamphepete pa mpando.

"Mama Felesita," anatero, pomulemekeza ngati wamkulu, "ndabwera ndi ngongole ya mawu. Ndakhala nayo zaka zisanu ndi zitatu."

"Ine ndi amene ndinakulakwirani, bambo. Ndinakuikani poyera."

"Ayi. Tamverani. Tsiku lija mutatuluka, aphunzitsi aja anamufunsa Safiya funso limene ine bambo wake sindikanalimba mtima kulifunsa. Anati, kodi unaganizapo zodzipha? Ndinamasulira ndine, ndi pakamwa panga pano. Mwana wanga anangotsegula chikwama n'kutulutsa kapaketi ka mankhwala a makoswe. Anagula Loweruka. Anati amadikira kuti aweruke, chifukwa ankadziwa kuti ine ndinyamuka masana omwewo ndipo m'nyumba mukhala mopanda munthu."

A Rozalia anagwira pakamwa.

"Ulendo uja sindinapite. Mayi wa boma uja anatitengera kuchipatala, ndipo Safiya anakhala akuonana ndi alangizi mpaka tchuthi. Iwo anati akhale pafupi ndi mayi ake, n'chifukwa chake ndinapita naye kumudzi. Sitinathawe inu. Koma anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndipo ine ndikakuonani pamsewu manyazi ankandigwira, chifukwa mwana wa eni anaona zimene ine wogona naye nyumba imodzi sindinazione. Dzulo ndinamuimbira kuti mukudwala. Anati, bambo, pitani mukanene, ndipo mukafika mundiimbire."

Anaimba, n'kuika foni pa pilo. Mawu a Safiya anamveka bwinobwino, kumbuyo kwake mwana wakhanda akulira. Anati anamaliza Fomu 4, ndipo tsopano akuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi kwawo.

"Achemwali, muli bwanji?"

Felesita anatseka maso, n'kumwetulira. "Ndili bwino pang'ono. Kaya inu?"

"Tili bwino. Ndinakukwiyirani nthawi yaitali, ndisakunamizeni. Pakhomo paja mpaka lero ndimapakumbukira. Koma mwana akulirayu sakanabadwa."

Felesita anasonkhanitsa mpweya. Kenako anafunsa ndi mawu otsika kwambiri moti tinachita kuwerama:

"Ndiye Lolemba lija sindinachedwe?"

"Munatsala ndi maola anayi," anatero Safiya. "Koma munafika."

A Goodwell anadzuka n'kukaima pazenera, msana uli kwa ife, mapewa akugwedezeka. Patapita nthawi anabwerera, n'kugwada pambali pa bedi. "Ndipo ine ndinakuletsa," anatero. Felesita anawaika dzanja pamutu. "Munkatiteteza, bambo. Dzukani, pansi pakuzizira."

Lolemba bambo mfumu anabwera kudzamudzoza mafuta a odwala, ndipo analandira Ukaristia ali ndi nzeru zake zonse. Anamino akuti tsiku limenelo anadya phala lonse, chinthu chimene anali asanachite kwa sabata ziwiri. Lachiwiri m'mawa, dzuwa litalowa pazenera, mayi ake akumupempherera kolona, anapuma kawiri mozama n'kugona. Panalibe kuphupha kulikonse.

A Ismaili ndiwo ananyamula thupi lake kupita nalo ku Ntcheu, ndipo anakana kuti wina ayendetse. Pa Misa yotsanzikana kuno, Mayi Rakgomo, amene tsopano anapuma pantchito, anakhala pabenchi imodzi ndi a Rozalia.

Abale ndi alongo, Felesita sanali mwana wopanda tchimo, ndipo iye mwini sakanalola kuti ndilembe choncho. Anakana mnzake, anaima pakhomo miyezi inayi, kenako anachokapo, ndipo mtengo wake anaulipira yekha mpaka kumapeto. Ana athu akabwerako kusukulu mawa, tisawafunse za mayeso zokha. Tiwafunse amene amadya yekha m'kalasi mwawo, ndi amene wasiya kubwera Lachisanu. Akatiuza, tisawauze kuti awerame. Tivale nsapato tiwaperekeze, m'mawa mwake, sukulu isanaweruke.

Ambuye amene anamumva m'zilankhulo zake zonse amulandire kwawo, ndipo mzimu wake uuse mumtendere.